Mwasintha akaunti ya ku banki? Auzeni makasitomala motere kuti asakuyeseni wakuba

Palibe munthu wa foni ku Thyolo kuno kapena ku Mulanje amene sanalandirepo kauthenga kaja kochokera pa nambala yachilendo, koti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ina ija ili ndi vuto." Anthu aberedwa nako kokwanira, ndipo mabanki ndi makampani a foni akhala akuchenjeza mpaka ambiri anachenjera. Tsono inu amene mwasinthadi akaunti moona mtima muli pa vuto, chifukwa chimene mukufuna kunena ndi chomwechonso chimene kathyali amanena. Kasitomala wanzeru akalandira uthenga wanu ayenera kukayika, ndipo akakayika musakwiye naye. Amene muyenera kumudera nkhawa ndi uja wotumiza ndalama osafunsa, pakuti tsiku lina adzatumiza kwa wina amene wabwereka dzina lanu.

Mawu aulemu sangakusiyanitseni ndi wakuba, iyenso amadziwa kulemba mwaulemu. Chidindo ndi siginecha nazonso sizokwanira pazokha, chifukwa munthu atha kujambula lisiti lanu lakale n'kuziika pa kalata yake. Pali zinthu ziwiri zokha zimene wakuba sangazikwanitse. Sangampatse munthu masabata oti aganize, ndipo sangamuuze kuti "imbani pa nambala yathu yakale ija, kapena bwerani ku shopu mudzafunse." Malangizo onsewa atsamira pa ziwirizi: nthawi, ndi njira yotsimikizira imene kasitomala anali nayo kale uthenga usanafike.

Kuti zimveke, tiyerekeze za mayi wina wa shopu ya zomangira ku Luchenza. Amagulitsa simenti, malata, misomali, mapaipi ndi penti. Anayamba ndi akaunti ya dzina lake, koma pano analembetsa bizinesi, ali ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, ndipo makasitomala akuluakulu akufuna kumalipira ku akaunti ya dzina la bizinesi. Watsegula akaunti yatsopano ku banki ina. Ali ndi makasitomala okhazikika pafupifupi 60, ena a ku Chonde, ena a ku Goliati, ena mpaka ku Thekerani. Akufuna kuti kuyambira pa 1 Julayi onse azilipira kwatsopanoko.

Malizani za ku banki musanauze munthu

Akaunti ikatsegulidwa, yambani mwaiyesa nokha. Tumizaniko ndalama yochepa kuchokera ku akaunti yakale, kenako kuchokera pa Airtel Money kapena Mpamba ngati makasitomala anu amalipira chomwecho, ndipo ngati muli ndi m'bale amene ali ndi akaunti ku banki yatsopanoyo, mupempheni atumizenso pang'ono. Simukungoona ngati ndalama ikufika. Chachikulu n'choti muone dzina limene likutuluka pa foni kapena pa lisiti la wotumizayo. Nthawi zina dzina lalitali limadulidwa, nthawi zina banki inalemba mosiyana pang'ono ndi mmene munalembera pa chikwangwani cha shopu. Lembani dzinalo ndendende mmene likutulukira, chifukwa ndi limene mudzauze makasitomala kuti aliyembekezere. Ngati pa chikwangwani pali dzina lina ndipo pa foni pakutuluka lina losagwirizana nalo, konzani zimenezo ku banki kaye. Palibe chimene chimathawitsa munthu msanga kuposa kuona dzina losalidziwa atatsala pang'ono kulemba PIN.

Mukadali ku banki komweko, pemphani kalata yotsimikizira akaunti. Ndi kalata ya pa pepala la banki, yonena dzina la akaunti, nambala yake ndi nthambi, yosainidwa ndi kudindidwa. Funsani mtengo wake pomwepo. Makasitomala ang'onoang'ono sadzaifuna, koma a maofesi sadzasintha chilichonse popanda iyo.

Kenako pitani ku banki yakale, osati kukatseka, koma kukafunsa kuti kuisunga yotsegula kwa miyezi itatu kukudyerani ndalama zingati, ndi ndalama zochepetsetsa zimene ziyenera kutsalamo. Akaunti yakale ikhale yamoyo. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa pofuna kupulumutsa ndalama zodulidwa mwezi ndi mwezi. Akaunti yakale ikakhala yotsegula, mutha kuuza kasitomala wokayika kuti "ngati simunatsimikize, lipirani kwakale komweko, ndalama itipeza." Mawu amenewa wakuba sangawanene, chifukwa kwakaleko iye sapezako kanthu.

Dziwani amene amalipira, osati amene amagula

Tengani buku la ngongole ndi masitetimenti a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, mulembe aliyense amene anaikapo ndalama mu akaunti yakale. Mayi wa ku Luchenza uja atachita zimenezi, tinene kuti wapeza magulu atatu. Asanu ndi a maofesi: esiteti ya tiyi, masukulu awiri, chipatala cha mishoni ndi kontilakita mmodzi. Pafupifupi 20 ndi amisiri omanga ndi eni magolosale amene amatenga katundu pa ngongole n'kulipira kumapeto kwa mwezi. Otsalawo amagula mwa apo ndi apo.

Pa dzina lililonse lembani munthu amene amatulutsa ndalama. Ku sukulu amene amabwera kudzatenga simenti mwina ndi kapitawo, koma wolipira ndi akawuntanti, ndipo wosainira ndi ahedi kapena apampando a komiti. Ku esiteti wodzatenga katundu ndi dalaivala kapena wa ku sitolo, pamene ndalama imachokera ku ofesi ya zachuma, mwinanso ofesiyo ili ku Limbe kapena ku Blantyre. Mukauza dalaivala yekha ndiye kuti simunauze munthu. Choipa kwambiri, nkhani ikafika ku ofesi kudzera mwa dalaivala, yolembedwa pa kapepala, imaoneka ngati pali chinyengo pakati pa inu ndi iyeyo.

Uthenga woyamba usakhale ndi nambala

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kutatsala mwezi wathunthu, tumizani chenjezo lopanda nambala ya akaunti ngakhale imodzi. Litumizeni kuchokera pa nambala ya foni imene makasitomala akhala akuidziwa zaka zonsezi, ndipo ngati ndi pa WhatsApp, lilowe m'macheza omwe aja amene mumatumiziranamo maoda, kuti munthu aone mauthenga anu akale pamwamba pake. Mayi uja angalembe motere pa 1 Juni:

"Mwaswera bwanji achimwene? Ndikudziwitseni msanga kuti kuyambira pa 1 Julayi tisamukira ku akaunti ya dzina la shopu. Lero musasinthe chilichonse, pitirizani kulipira kwakale. Nambala yatsopano sinditumiza pa foni, ndikupatsani kalata pamanja sabata ya mawa. Wina akakutumizirani nambala ya akaunti m'dzina langa, musatumize, mundiimbire pa nambala yomwe ino."

Taonani ntchito imene uthengawu ukugwira. Sukupempha ndalama, choncho palibe chifukwa choukayikira. Ukunena tsiku limene likadali kutali. Ukulongosola njira imene nambala idzadzere, kotero kuti kalata ikadzafika idzakhala yoyembekezeredwa. Ndipo watseka kale khomo la wakuba amene angamve kuti mukusintha n'kufuna kukupitirirani.

Chomalizachi si chongopeka. Nthawi yosintha akaunti ndi imene makasitomala anu ali okonzeka kukhulupirira nambala yatsopano, ndiye ndi nthawi yabwino kwa kathyali. N'chifukwa chake sindikulangizani kulengeza pa gulu la WhatsApp la anthu ambiri, pa Facebook kapena pa sitetasi. Pa gulu aliyense amaona manambala a anzake, ndiye mwapereka mndandanda wa makasitomala anu kwa aliyense amene ali momwemo, pamodzi ndi nkhani yoti akudikira akaunti yatsopano. Tumizani kwa mmodzimmodzi. Anthu 60 ndi ntchito ya madzulo awiri.

Sankhaninso bwino nthawi. Musatumize Lachisanu madzulo, kapena masiku a kumapeto kwa mwezi pamene maofesi akukonza malipiro. Uthenga wosintha akaunti wofika tsiku lolipira ndi chizindikiro choyamba chimene akawuntanti anaphunzitsidwa kuchiopa. Ngati mungasankhe nyengo, pewani miyezi ya mvula. Tiyi akamathyoledwa kwambiri a ku maesiteti amakhala otanganidwa, ndipo misewu ya kumidzi ikaterera simungayende bwino ndi makalata.

Kalata yeniyeni

Kalata ikhale ya tsamba limodzi, pa pepala lofanana ndi la mainvoisi anu, yokhala ndi deti, dzina la kasitomala, siginecha ya munthu amene amasaina masiku onse, ndi chidindo chomwe chija chimene amachiona pa malisiti. Musasinthe maonekedwe a pepala mwezi womwewo. Ngati mukufunanso kusintha chizindikiro cha shopu, nambala ya foni kapena imelo, dikirani miyezi ingapo. Kusintha akaunti ndi foni nthawi imodzi ndi kudula chingwe chimene munthu akanagwira kuti atsimikize.

M'kalatamo nenani chifukwa chosinthira m'chiganizo chimodzi choona. Mayi uja angoti bizinesi inalembetsedwa ndipo akaunti yatsopano ili m'dzina la bizinesi. Musanyoze banki yakale, ndipo musalembe kuti "akaunti yakale ili ndi vuto" kapena "ikufufuzidwa," chifukwa amenewo ndi mawu enieni a akuba. Kenako lembani dzina la banki, nthambi, dzina la akaunti mmene limatulukira pa foni, ndi nambala yonse. Nambalayo igaweni m'timagulu ta manambala atatu kapena anayi kuti isavute kuwerenga, ndipo wina aiwerenge mokweza inu mukuyang'ana pa kalata ya ku banki musanasindikize. Nambala imodzi yolakwika pa makalata onse idzakukakamizani kutumiza kalata yachiwiri yokonza, ndipo kalata yachiwiriyo palibe adzaikhulupirire.

Tchulaninso akaunti yakale, koma manambala anayi omalizira okha, monga "akaunti yathu yothera ndi 4417." Kasitomala ayang'ana pa malisiti ake n'kuona kuti mukunena akaunti imene iye amaidziwa. Lembani madeti awiri: tsiku loyambira kwatsopano, 1 Julayi, ndi tsiku lomaliza kulandira kwakale, 30 Sepitembala.

Ndime yofunika kuposa zonse ndi iyi, ndipo muilembe mooneka bwino:

"Musanatumize ndalama ku akaunti yatsopanoyi, chonde tsimikizani. Imbani pa nambala yathu imene muli nayo kale m'foni mwanu kapena pa malisiti akale, kapena fikani ku shopu. Tasintha kamodzi kokha. Mukalandira uthenga wina wonena za kusinthanso, si wathu. Sitidzakufunsani PIN kapena nambala yachinsinsi iliyonse."

Mwaona kuti m'ndimeyi mulibe nambala ya foni. N'zadala. Kalata ikanena kuti "tsimikizani pa nambala iyi," ndiye kuti kalata ikudzichitira umboni yokha. Wakuba amachita zomwezo: amaika nambala yake, munthu akaimba amayankha yekha kuti "eya, ndi zoona." Mulekeni kasitomala akafufuze yekha nambala m'foni mwake.

Musaikemo zokopa, monga kuchotsera mtengo kwa amene alipire kwatsopano sabata ino. Musaikemo zoopseza, kapena mawu oti "mwachangu." Musaikemo linki yoti adine. Musapemphe kuti nkhaniyi isauzidwe wina. Ndipo kalata yosintha akaunti isayende limodzi ndi chikumbutso cha ngongole. Ndikudziwa kuti munthu ukamapita kwa wangongole umafuna kutchula zonse, koma ziwirizi zikaphatikizana zimamveka ngati "nayi akaunti yatsopano, tumizani lero," ndipo ntchito yonse yawonongeka.

Sindikizani makope awiri pa kasitomala aliyense wamkulu ndi aliyense wa ngongole. Imodzi ikhale yake, inayo asaine ndi kulemba deti n'kukubwezerani. Kope yosainidwayo isungeni m'fayilo. Tsiku lina pakadzabuka mkangano woti ndalama inapita kuti, pepala limeneli lidzaonetsa nambala imene inu munapereka ndi tsiku lake.

Makasitomala a maofesi

Asanu aja apitireni nokha, kapena tumani wantchito amene amamudziwa nkhope kwa zaka. Pitani ndi kalata yanu, kope ya kalata ya ku banki, kope ya satifiketi yolembetsera bizinesi, ndi chiphaso chanu cha unzika. Funsani wa zachuma, osati wa pa geti. Mawu oti mumuuze ndi achidule: "Bwana, ndabwera ndi kalata yosintha akaunti ija ndinakuuzani sabata yatha. Kodi kuno muli ndi fomu yanu yoti ndilembe?"

Maofesi ambiri ali ndi fomu yawoyawo yosinthira akaunti ya wogulitsa katundu, ndipo kusinthako kumafuna anthu awiri, wina wolemba wina wovomereza. Zimatenga masiku, mwina masabata, makamaka ngati mapepala akupita ku likulu. Ngati mumagulitsa ku maofesi a boma yembekezerani kuti zichedwerapo, chifukwa malipiro amadzera mu dongosolo lawo la makompyuta limene akaunti yanu inalembedwamo kale. Musawafulumizitse. Afunseni tsiku limene akuganiza kuti akhala atamaliza, ndi kuti invoisi imene ili kale m'manja mwawo ilipiridwa kuti. Kawirikawiri yankho labwino n'loti mainvoisi onse olembedwa tsiku losintha lisanafike alipiridwe kwakale. Mayi uja ali ndi invoisi ya K2,400,000 ya malata ku sukulu ina, yolembedwa mu Meyi. Aisiye ipite kwakale monga inalembedwera. Kuitenga n'kufufuta nambala ndi cholembera, kapena kutumiza ina "yokonzedwa," ndi kumuika akawuntanti pa mavuto pamene owerengera mabuku adzabwere.

Ofesi yosamala idzakuimbirani kuti itsimikize, mwina patapita masiku, mwina munthu amene simumudziwa. Konzekani. Uzani onse a mu shopu kuti foni yofunsa za akaunti ndi ya mwini shopu yekha, kapena munthu mmodzi amene mwamusankha. Mnyamata wa pa kauntala akayankha kuti "aa, ine sindikudziwa zoti tasintha," ofesiyo iimitsa zonse, ndipo ikhala italondola. Choncho antchito auzeni tsiku lomwelo limene mukutumiza chenjezo loyamba. Akaimba, muwerengereni woimbayo nambala yonse kuchokera pa kalata ya ku banki, iye akuyang'ana pa pepala lake. Kungoti "eya, tasinthadi" sikokwanira, chifukwa mwina kalata imene ili m'manja mwake si imene inu munalemba.

Za imelo zikufunika kusamala kwapadera. Akuba ena amalowa mu imelo ya wogulitsa kapena ya wogula, n'kumawerenga mwakachetechete mpaka ataona invoisi yaikulu, kenako amatumiza yawo yofanana nayo atasintha nambala ya akaunti yokha. Ena amatsegula adiresi yofanana ndi yanu, yosiyana chilembo chimodzi. Ngati ofesi ikufuna kalata pa imelo, tumizani kuchokera pa adiresi yanu ya masiku onse, poyankha uthenga wakale wa pakati panu, ndipo imbani foni kuti mwatumiza ndi kuwerengerana nambala. Musanayambe ntchito yonseyi sinthani mawu achinsinsi a imelo yanu, ndipo pa WhatsApp tsegulani Two-step verification, kuti wina asalande nambala yanu pa nthawi imene makasitomala akudikira uthenga wanu.

Amisiri ndi a magolosale

Gulu lachiwirili limakhulupirira nkhope ndi mawu kuposa pepala. Ambiri amabwera okha ku shopu mkati mwa mwezi, ndiye apatseni kalata pa kauntala, muwerenge nawo limodzi. Ngati ali ndi foni m'manja, athandizeni kufufuta akaunti yakale pa mndandanda wa amene amawatumizira ndalama, n'kusunga yatsopano, koma foni agwire okha ndipo PIN alembe okha inu mutayang'ana kumbali. Kufufutaku n'kofunika, chifukwa ndalama zambiri zopita kwakale sizipita chifukwa chokayika, zimapita chifukwa chala chinazolowera.

A kutali, monga a ku Thekerani kapena ku Muloza, kalata ipite ndi galimoto yokapereka katundu, mu envulopu yomata. Imbani foni musanatumize kuti "kalata ija ikubwera lero ndi adalaivala," ndipo imbaninso ikafika kuti muwerengerane nambala. Wina akaumirira kuti mumutumizire pa foni, tumizani chithunzi cha kalata yonse, m'macheza anu akale, mutangomaliza kulankhula naye. Musatumize nambala yokhayokha yolemba ndi zala, imene ingakopedwe ndi kusinthidwa mosavuta.

Kwa ogula mwa apo ndi apo, pepala lomata mkati mwa shopu likwanira. Likhale kuseri kwa kauntala kumene kasitomala angaliwerenge koma sangalifikire, osati panja pa chitseko pamene wina angamatepo lake usiku.

Ndalama yoyesera

Pemphani aliyense kuti ulendo woyamba atumize yochepa, monga K5,000, imene idzachotsedwa pa ngongole yake. Ayang'ane dzina limene latuluka. Njira zambiri zotumizira zimaonetsa dzina la wolandira munthu asanavomereze, ndipo pamene silinaoneke ayang'ane pa uthenga kapena lisiti lotuluka pambuyo pake. Inu mukaiona mu akaunti, mutumizireni uthenga wotchula ndalama yake ndi tsiku. Akatero atumize yotsalayo.

Pali njira ina yabwinoko kwa makasitomala a ndalama zambiri: asakuuzeni ndalama yoyeserayo. Atumize ndalama yosamaliza bwino, monga K3,270, kenako akuimbireni pa nambala yakale kuti munene inu imene yalowa. Mukainena molondola, watsimikiza kuti munthu amene akumudziwa ndi amene akuona mkati mwa akauntiyo. Ngati akutumiza kuchokera ku banki ina, mpatseni mpata, chifukwa njira zina zimafika nthawi yomweyo pamene zina zimadikira tsiku la ntchito.

Inunso dzitetezeni. Chithunzi cha umboni wolipira si ndalama. M'masabata osintha mudzamva kawirikawiri kuti "ndatumiza, mwina yapita kwakale." Musatulutse katundu kufikira mutaiona ndalamayo mu imodzi mwa maakaunti awiriwo.

Tsiku likafika

Kuyambira pa 1 Julayi mainvoisi onse akhale ndi akaunti yatsopano yokha, ndi mzere pansi woti akaunti inasintha monga mwa kalata ya mu Juni. Musalembe maakaunti onse awiri pa invoisi imodzi, zimasokoneza. Mabuku a mainvoisi osindikizidwa kale ndi nambala yakale achotseni pa kauntala. Yang'ananinso malo ena amene nambala yakale inatsalira: pa makotesheni amene akadali m'maofesi, pa mapangano olembedwa, pa chidindo ngati inalembedwapo, ndi pa khoma la shopu.

Lolemba lililonse yang'anani akaunti yakale. Aliyense amene waikamo ndalama muimbireni, mumuthokoze kuti yafika, kenako mufunse chimene chavuta. Mayankho amakhala atatu. Wina anaiwala, ameneyo mukumbutseni kufufuta yakale m'foni. Wina kalata sinafike kwa wolipira, ndiye mpitireni. Wina akukayikabe, ameneyo mpempheni adutse pa shopu. Pa mndandanda wanu uja ikani chizindikiro pa dzina lililonse limene lalipira kwatsopano kamodzi. Akaunti yakale itsekeni pokhapokha onse a maofesi ndi a ngongole atalipirapo kwatsopano, ndipo padutsa mwezi wathunthu osalowa kanthu kwakale. Ngati pa 30 Sepitembala sukulu imodzi sinalipirepo chifukwa imagula kamodzi pa teremu, onjezerani mwezi. Ndalama yotumizidwa ku akaunti yotsekedwa kawirikawiri imabwerera kwa mwini wake, koma zimatenga masiku ndi maulendo a ku banki, ndipo katundu wanu amakhala atapita kale.

Zikalakwika

Zizindikiro zoti wina walowerera zimaoneka msanga mukakhala tcheru. Kasitomala akufunsa kuti "mwasinthanso?" Wina akuti walipira koma ndalama palibe ku maakaunti onse awiri. Wina akutchula banki imene inu mulibeko akaunti, kapena akuti dzina linatuluka la munthu wina. Mukamva chimodzi mwa izi, mufunseni akuwerengereni nambala imene watumizako ndi kumene anaitenga.

Ngati ndalama yapita kwa wakuba, ola lililonse ndi lofunika, chifukwa amaitulutsa kapena kuimwaza msanga. Wotumizayo aimbire banki yake kapena kampani ya foni nthawi yomweyo, apereke nambala ya lisiti, apemphe kuti alumikizane ndi kumene ndalama yapita kuti igwidwe. Tsiku lomwelo pitani limodzi ku polisi mukapereke lipoti, mutanyamula uthenga wabodzawo, kalata yanu yeniyeni ndi kope yosainidwa ija. Mauthenga asafufutidwe. Kenako imbirani makasitomala ena onse, kuyambira amene ali ndi ngongole zikuluzikulu, muwauze kuti pali uthenga wabodza ukuyenda ndipo nambala yoona ndi ya pa kalata imene anasainira. Musabise poopa manyazi. Mmodzi akanamizidwa ndiye kuti enanso alandira uthenga womwewo. Nkhani yoti wotaya ndalamayo akhale ndani muikambirane pambuyo pake, mapepala ali patebulo, ndipo ngati ndalama ndi zambiri funsani wodziwa malamulo.

Nthawi zina mwezi wochenjezera sumapezeka, monga akaunti yakale ikatsekedwa mwadzidzidzi kapena mukazindikira kuti wina waidziwira zinsinsi. Pamenepo musatumize nambala pa uthenga ngakhale mutapanikizika. Imbani foni ndi mawu anu kwa aliyense amene ali pafupi kulipira, muwauze chinthu chimodzi chokha, kuti aimitse kaye malipiro. Kupempha munthu kuti asatumize ndalama sikukayikitsa. Kenako yendani ndi kalata ya ku banki kwa akuluakulu aja m'masiku awiri kapena atatu otsatira, ndipo ang'onoang'ono alipire ndalama pamanja ku shopu ndi kulandira lisiti kufikira kalata yawo itawapeza.